Mizere yoyamba ya kalata yofunsira ntchito ya kontrakiti

Amisiri ambiri akamalembera kasitomala kalata yofunsira ntchito amayamba ndi mbiri yawo, chonsecho woiwerenga ali ndi vuto lake ndipo akufuna kudziwa ngati mwalimvetsa. Tiyerekeze kuti mwini malo ogona alendo wapempha mtengo wa thanki yachiwiri ya malita 5,000 chifukwa madzi amatha m'mamawa. Mutapita kukaona, mwapeza kuti thanki imene ilipo sidzaza usiku chifukwa pampu ndi yofooka.

Kalata yanu iyambire pomwepo: "Alendo anu amasowa madzi m'mamawa chifukwa pampu sidzazitsa thanki usiku, choncho thanki yachiwiri siithetsa vutoli. Tikupempha kuti tiike pampu yamphamvu, ndipo ntchitoyi itenga masiku awiri." Mizere iwiriyi yatchula vuto, gwero lake, njira yolithetsera ndi nthawi, ndipo ine ndimaona kuti ntchito imapezeka kapena kutayika pamenepa. Kuti mudziwe ngati mwalemba bwino, chotsani dzina la kasitomalayo. Ngati mizereyo ingatumizidwe kwa munthu wina osasintha kanthu, ndiye kuti simunafike pa vuto lake.

Kenaka fotokozani mwachidule zimene mudzachite ndi zimene simudzachita, monga kukonza mapaipi a m'zipinda, pakuti mikangano yambiri imabuka pa zinthu zimene sizinatchulidwe. Mtengo ubwere pambuyo pake, wa zipangizo paokha ndi wa ntchito paokha. Mbiri yanu ikhale kumapeto, ntchito imodzi yofanana ndi imeneyi basi, ndipo mutsirize potchula tsiku limene mungayambe akakuvomerani. Zonsezi zikwane pa tsamba limodzi.