Foni yanga inasiya kulira usiku

Ntchito za cron, pulogalamu yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika, pa seva yathu zinkanditumizira uthenga zikangotha, zayenda bwino kapena ayi. Kunena zoona, ndinasiya kuwerenga mauthengawo. Ndiye ntchito yokopera deta usiku inalephera masiku atatu otsatizana, uthenga wake utakwiririka pakati pa mauthenga oti zonse zili bwino.

Cron imatumiza imelo ku adilesi ya `MAILTO` ntchito ikalemba chilichonse, ngakhale mzere umodzi. Choncho ndinalozetsa zolemba zonse ku fayilo, uthenga uzibwera ntchito ikalephera basi:

```
0 2 * * * backup.sh >> /var/log/backup.log 2>&1 || alert.sh
```

Pa ntchito iliyonse ndinadzifunsa: uthengawu ukafika, pali chimene ndidzuke kukachita? Ntchito yokoka mafayilo ola lililonse ikaphonya kamodzi, ola lotsatira imadzikonza yokha. Imeneyo ndinaiika kuti izindiitana ikalephera katatu motsatizana.

Chinandivuta kwambiri ndi ntchito imene sinayambe n'komwe, mwina seva inali yozima. Yotereyi silira. Tsopano `backup.sh` ikamaliza imasiya chizindikiro, ndipo makina ena amandiuza chizindikirocho chikapitirira maola 26 osasintha.