Podzifotokoza pa LinkedIn, Tchulani Ntchito Imene Munagwira

Anzanga ofuna ntchito kuno ku Kasungu, mukamadzifotokoza pa LinkedIn musayambe ndi "ndine wolimbikira ntchito". Aliyense amalemba zomwezo, bwana amangodutsa.

Tinene kuti munali kalaliki pamsika wogula mbewu. Lembani chonchi: "Ndine kalaliki, ndimakhala ku Kasungu. Kwa zaka 3 ndakhala ndikuyeza soya ndi mtedza pa sikelo, kulemba malisiti komanso kusunga kaundula wa matumba mu Excel. Ndili ndi MSCE. Ndikufuna ntchito yoyang'anira katundu mosungiramo mbewu, ku Kasungu kapena ku Mchinji."

Chiganizo chomalizacho ambiri amachisiya poopa kudzitsekera mwayi, koma n'chimene chimauza wolemba ntchito ngati akuimbireni. Zakazo musawonjezere, poti adzafunsa kumene munkagwirako. Nambala ya chitupa cha unzika isalembedwepo.