Mpanda womwe umangolira sutseka droni

Nyengo ino ndayendera magulu atatu a achinyamata opopera mbewu ndi droni, ndipo awiri mwa iwo ndawapeza ndi vuto limodzi. Mpanda, malire omwe droni siyenera kudutsa, anaujambula bwinobwino pamapu, ukuoneka pakompyuta, koma droni ikafika pamenepo imangodutsa ngati mbuzi pampanda wa udzu wowola.

Pa droni zoyendera pulogalamu ya ArduPilot, kuyatsa mpanda ndi nkhani ina, kuuza droni chochita ikaudutsa ndi nkhani inanso. Chachiwirichi chili pa `FENCE_ACTION`. Mukaikapo 0, droni imangotumiza uthenga woti yatuluka, n'kumapitabe komwe yalamulidwa. Anyamata amaika 0 tsiku loyesa chifukwa chotopa ndi droni yomangobwerera yokha, kenako amaiwala kubwezeretsa. Ukawafunsa amati, "Ife timaiona ndi maso, bwana." Maso ati? Droni yothamanga mamita 5 pa sekondi, inu mukacheukira foni masekondi anayi okha, yalowa kale mamita 20 m'munda wa eni.

Mayi wina anandikokera kumunda kwake kuti ndikadzionere ndekha. Mnansi wake anaitana droni kudzapopera mankhwala opha udzu m'chimanga. Wolemba ulendo anaphonya pamapu dontho limodzi mwa madontho omwe droni imatsatira, likagwera tsidya lina la malire, droni n'kulitsatira mokhulupirika mpope uli wotsegula. Mizere ya nyemba ya m'mphepete inali itafota, masamba atapiringizika. "Achimwene, ndiye ndikasume kwa mfumu ndege kapena munthu?" Ndinasowa choyankha. Titatsegula kompyuta tinaupeza uthenga wa kutuluka uja utalembedwa, palibe anauwerenga.

`FENCE_ACTION` ikanakhala 1, droni ikanasiya ulendo wolakwikawo pomwe inadutsa mpanda n'kubwerera pomwe inanyamukira, kapena kutera ngati kubwerera sikutheka.

Kukonza kwake n'kwa mphindi ziwiri:

```
FENCE_ENABLE 1
FENCE_TYPE 5
FENCE_ACTION 1
FENCE_ALT_MAX 30
```

5 ameneyo akuphatikiza denga la m'mwamba ndi mpanda wotsata ngodya za munda, womwe muyenera kuujambula ndi kuutumiza mu droni. Musaujambule pamalire penipeni. GPS imasochera ndi mamita awiri kapena atatu, droni yolemedwa ndi madzi siima pomwepo, ndiye lowetsani mzerewo mkati mwa munda wanu. Onetsetsaninso kuti msinkhu wobwererera uli pansi pa denga lija koma pamwamba pa mitengo. Musanathire mankhwala m'thanki, iyeseni ndi madzi okha pabwalo lopanda anthu: ikani dala dontho limodzi kunja kwa mpanda, muone ngati itembenuka ikafika pamzere.