Mmene mungawerengere ndalama zonse zomwe wantchito mmodzi amakudyerani

Mukafunsa mwini shopu kuti mnyamata wa pakauntala amamudyera zingati pamwezi, amakuuzani malipiro basi. Ine ntchito yanga ndi yolembera mashopu ang'onoang'ono mabuku a ndalama, ndipo sindinapezepo wantchito amene mtengo wake ukuthera pa malipiro. Tiyeni tiwerengere limodzi, potengera shopu yogulitsa simenti, malata, misomali ndi penti pa tauni ina ya m'mbali mwa msewu wa M1, imene ikufuna munthu wa pakauntala wolandira K180,000 pamwezi. Mitengo ili munoyi ndi yachitsanzo chabe, inu muikepo yanu. Tengani kope, muligawe patatu: zolipira chaka chonse, zolipira kamodzi polemba munthuyo, ndi zotayika mukalemba munthu wolakwika.

Gawo loyamba ndi losavuta, kungoti anthu amaiwala zambiri. Malipiro a miyezi 12 ndi K2,160,000. Lamulo la penshoni limati bwana aziikapo ndalama zosachepera K10 pa K100 iliyonse ya malipiro, wantchito nayenso K5. Ya wantchitoyo imadulidwa pa malipiro ake, choncho musaiwerengere, chimodzimodzinso msonkho wa PAYE umene mumangoudula n'kukaupereka ku MRA. Koma yanu ija ndi yochokera m'thumba mwanu: K216,000 pachaka. Palinso K1 pa K100 iliyonse yopita ku TEVETA, yomwe m'chitsanzo chathuchi ndi K21,600 pachaka.

Kenako pali zimene lamulo silitchula koma zimatuluka m'kabati tsiku ndi tsiku. Nsima ya masana ya K2,000, kwa masiku 26 pamwezi, imakwana K624,000 pachaka. Eni shopu ambiri akaona nambala imeneyi amati ndalakwitsa, mpaka atachulukitsa okha pa foni. Ovololo ndi magambuti tiike K60,000. Tchuthi nachonso chili ndi mtengo: lamulo la ntchito la 2000 limapatsa munthu wogwira masiku 6 pasabata tchuthi cha masiku 18 pachaka, akulandirabe malipiro ake. Kauntala singakhale yokha, ndiye mumaikapo waganyu wa K7,000 patsiku, zomwe ndi K126,000. Mukaphatikiza zonsezi mupeza K3,207,600 pachaka, kapena K267,300 pamwezi. Munthu wa K180,000 uja wakwera ndi pafupifupi theka, asanagulitse ndi msomali umodzi womwe. Nambala ya K267,300 muilembe pamwamba pa tsamba, chifukwa tiibwerezabwereza.

Gawo lachiwiri ndi la zolipira kamodzi. Kulengeza ntchito, mayunitsi oimbira ofunsira, ndi thiransipoti yopita kumene munthuyo ankagwira kale kukamva mbiri yake, tiike K25,000. Chachikulu ndi nthawi yanu. Ngati kuwerenga makalata, kufunsa anthu ndi kukaonana ndi abwana ake akale kwakudyerani masiku atatu, dzifunseni kuti tsiku lanu limodzi limabweretsa phindu lanji mukakhala pashopu kapena mukapita kukaoda katundu. Likakhala K30,000, ndiye kuti K90,000 yapita. Kupeza munthuyo kwakwana K115,000.

Pa kuphunzitsa ndi pamene tiyenera kufatsa. M'shopu ya zomangira palibe amene amapita kukalasi, koma maphunziro alipo. Watsopanoyo ayenera kudziwa kusiyana kwa malata a geji 28 ndi geji 32, kuti wopyapyala ndi wa nambala yaikuluyo. Ayenera kudziwa kuti misomali ya mainchesi atatu si ya anayi ngakhale zonse zili m'matumba ofanana, penti ya madzi ndi ya mafuta, kalembedwe ka risiti, ndi makasitomala ati amene amaloledwa ngongole. Amene amamuonetsa zonsezi ndi wantchito wakale, ndipo nthawi imene akuphunzitsa sakugwira yake. Ngati wakaleyo amalandira K260,000, tsiku lake ndi K10,000, ola lake K1,250. Maola awiri patsiku kwa masiku 24 ndi maola 48, omwe ndi K60,000. Onjezani zolakwitsa za munthu wophunzira, monga chenji chopitirira kapena chitini cha penti chotsekulidwa kasitomala asanagwirizane ndi mtundu wake. Tiike K50,000.

Palinso ndalama ina imene sioneka pa risiti. Mwezi woyamba watsopano amagwira mwina theka la ntchito ya munthu wozolowera. Wachiwiri ndi wachitatu amagwira magawo atatu mwa anayi. Mukaphatikiza theka ndi makota awiri osowawo, mwezi wathunthu wapita. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa masamu: amatenga K267,300 ya mwezi wotayikawo n'kuiphatikizanso pa ndalama za chaka, pamene anaiwerengera kale m'gawo loyamba. Musaiphatikize kawiri. Tanthauzo lake n'lakuti mwalipira miyezi 12 koma mwalandira ntchito ya miyezi 11. Choncho phatikizani K3,207,600 ndi K115,000, K60,000 komanso K50,000, mupeze K3,432,600, ndipo mugawe ndi 11. Mwezi uliwonse wa ntchito yeniyeni m'chaka choyamba ukukudyerani pafupifupi K312,000. Uyutu ndi munthu wabwino, amene simunalakwitse pomusankha.

Tsopano gawo lachitatu. Shopu ina imene ndinkailembera mabuku inalemba mnyamata waulemu, wobwera ndi kalata yochokera kumpingo, ndipo mwini shopu sanavutikenso kukafunsa kumene ankagwira. Zizindikiro zinalipo kuyambira mwezi wachiwiri. Buku la marisiti linali ndi masamba ong'ambidwa pakati, matumba a simenti pa kadi la sitoko sankagwirizana ndi amene anali m'nyumba yosungiramo, ndipo mmisiri wina amene ankagula sabata iliyonse anayamba kungodutsa panja osalowa. Koma poti sitoko ankawerenga kamodzi pa miyezi ingapo, nkhani inaphulika mwezi wachisanu. Tiwerengere nkhani yotereyi ndi manambala athu aja.

Miyezi isanu pa K267,300 ndi K1,336,500. Musalembe yonse ngati yotayika, chifukwa munthuyo ntchito ina ankagwira ndithu, ankatsekula shopu ndi kugulitsa. Yerekezani moona mtima gawo limene anagwira. Likakhala theka, yotayika ndi K668,250. Ndalama zomupezera ndi zomuphunzitsira, K115,000 ndi K60,000 zija, zapita zonse chifukwa muyambiranso ndi wina: K175,000. Katundu wosowa ndi ngongole zimene anapereka kwa anzake popanda chilolezo muwerengere pa mtengo umene munaodera, osati wogulitsira, apo ayi mudzinamiza. Tiike K400,000.

Kasitomala wothawa ndiye wovuta kumuika mtengo, koma musamusiye. Tsekulani mabuku a miyezi ya m'mbuyo muone phindu limene mmisiri uja ankabweretsa, osati ndalama zonse zimene ankagulira. Ngati linali K60,000 pamwezi ndipo mukuona kuti kumubweza kutenga miyezi 6, lembani K360,000. Muwerengere okhawo amene mungawatchule dzina. Mukayamba kuika “mbiri ya shopu yaipa” ndi nambala yongopeka, kope lonse lasanduka nthano.

Potsiriza pali zomuchotsera. Munthu wolipidwa pamwezi amayenera notisi ya mwezi umodzi kapena malipiro a mweziwo, K180,000. N'zoona kuti wolakwa kwambiri, monga wakuba, angachotsedwe popanda notisi, koma lamulo limafuna chifukwa chomveka komanso kuti munthuyo apatsidwe mpata woyankhapo. Mwini shopu amene alibe makadi a sitoko osainidwa amasowa umboni, ndipo akangomuthamangitsa ndi mkwiyo, nkhani imakathera ku ofesi ya zantchito ya paboma kapena kukhoti loona za ntchito, kumene masiku ena ambiri amatayikanso. N'chifukwa chake ine ndimaika notisiyo m'masamu nthawi zonse. Masiku a tchuthi amene sanapite muyeneranso kumulipira, koma ndalama yofanana nayo ili kale mu K267,300 ija.

Phatikizani: K668,250, K175,000, K400,000, K360,000 ndi K180,000. Zakwana K1,783,250, pafupifupi malipiro a miyezi 10 a munthu amene anangokhala miyezi isanu.

Taonani kumene ndalamazi zakulira. Zambiri zimakula ndi mwezi uliwonse umene mwachedwa kuzindikira. Munthu yemweyo akanadziwika kumapeto kwa mwezi wachiwiri, yotayika pa malipiro ikanakhala K267,300, zomupezera ndi kumuphunzitsa K175,000, katundu mwina K100,000, mmisiri uja asanathawe. Zonse K542,300. Ngati munalemberana kalata yokhala ndi nthawi yoyeserera, imene lamulo limalola pa ntchito zofuna luso bola isapitirire miyezi 12, m'nthawi imeneyo mgwirizano utha kutha popanda notisi. Kusiyana kwa K542,300 ndi K1,783,250 ija ndi ndalama zoposa K1,200,000, pamene kuwerenga simenti, malata ndi penti Loweruka lililonse kumangotenga maola awiri. Nthawi yoyeserera yongolankhula pakamwa sikuthandizani, ikhale papepala losainidwa tsiku loyamba.

Funso lotsala ndi lakuti ndalama ya munthu wolakwikayi muiike bwanji pa munthu amene simunamulembe n'komwe, poti simukudziwa ngati adzakhale wabwino. Yang'anani mbiri yanu yomwe. Pa anthu anayi amene munalemba posachedwapa, ndi angati amene munawachotsa kapena anathawa chaka chisanathe? Akakhala mmodzi, gawani K1,783,250 ndi 4, mupeze pafupifupi K446,000, ndipo muiphatikize pa K3,432,600 ija. Akakhala awiri, gawani ndi 2, kenako mukhale pansi muganizire bwino kasankhidwe kanu, makamaka ngati awiriwo anabwera kudzera mwa achibale. Ndi mmodzi mwa anayi, chaka choyamba chikukwana pafupifupi K3,878,600, kapena K323,000 pamwezi.

Nambala imeneyi muisandutse katundu, chifukwa ndi mmene mungadziwire ngati shopu ingakwanitse munthuyo. Ngati pa K100 iliyonse imene mwagulitsa phindu ndi K10, wantchito watsopanoyo ayenera kuchititsa kuti malonda akwere ndi K3,230,000 pamwezi kuti angodzilipira yekha. Ngati thumba la simenti limakusiyirani K1,500, ndiye matumba pafupifupi 215 oonjezera pamwezi, 8 kapena 9 tsiku lililonse. Malonda oonjezerawa angachokere kwa makasitomala amene amabwerera chifukwa cha mzere wautali, kapena kwa inu nomwe poti tsopano mwamasuka kukayendera amisiri kumene akumanga. Musanapachike chikalata pachitseko, imani pakauntala sabata imodzi ndi kope lomwelo, muzilemba aliyense wotuluka osagula chifukwa panalibe womuthandiza, ndi chimene amafuna. Akakhala ochuluka Lachisanu ndi Loweruka pokha, waganyu wa masiku awiri pasabata pa K7,000 ndi nsima yake akudyerani pafupifupi K78,000 pamwezi.