Batani limodzi lafa, inu mukufomata laputopu yonse?

Miyezi ino ndaona malaputopu ambiri ofomatidwa popanda chifukwa moti zafika pondikwana. Batani limodzi la pa kibodi langosiya kulemba, munthu osayesa nkomwe kalikonse, wathamanga kale kwa okonza kuti ayikemo Windows wina. Okonzanso ena sakana ayi, fulashi ili kale m'thumba.

Kufomata kumathandiza pokhapokha vuto lili mu sofutiweya, ndipo ngakhale apo kuli ngati kuotcha nkhokwe chifukwa cha khoswe mmodzi. Mafayilo apita, mapulogalamu muyambe kusakanso, madalaivala ena, timapulogalamu tothandiza Windows kuyendetsa zipangizo za makinawo, osabwerera moti mabatani a Fn aja okweza voliyumu ndi kuwala kwa sikirini, omwe amagwira bwinobwino, nawo angathe kusiya, chifukwa pa malaputopu ambiri amadalira kapulogalamu ka kampani yomwe inapanga makinawo. Munapita ndi batani limodzi lakufa mwabwerako ndi angapo.

Mlimi wina, mlembi wa kalabu yawo, anabwera atafomatitsa kale. Amasunga mu Excel mayina a mamembala ndi ngongole zawo zonse, ndiye T, Y ndi Backspace zinasiya tsiku limodzi. Akuti okonza anawauza kuti ndi vairasi. Ndinawafunsa kuti bambo, vairasi yake iti yosankha mabatani atatu nkusiya enawo? Anangoseka, koma kaundula uja anali atapita, kope lina panalibe, ndipo T anali chifere. Mabatani a kibodi sakhala ndi waya wakewake, amalumikizidwa m'mizere yopingasana ndipo angapo amagawana njira imodzi, ndiye njirayo ikaduka kapena kuchita dzimbiri amafera limodzi ngakhale sali moyandikana. Titatsegula tinapeza kariboni, kachingwe kolumikiza kibodi ku bodi yaikulu ya laputopu, kali ndi dzimbiri lobiriwira, apa mpomwe anakumbukira kuti madzi anatayikirapo mwezi wathawo. Windows analibe mlandu.

Chondipweteka kwambiri nchakuti fulashi yomweyo yofomatira ikanawauza zoona pa mphindi ziwiri. Mukabutira pa fulashi ya Windows, pa sikirini yoyamba ija musanadine Install, dinani Shift+F10 (malaputopu ena amafuna Fn pamodzi), patseguka windo lakuda lolembamo. Lembani zilembo zikuvutazo. Apa Windows wanu wa masiku onse sakugwira ntchito, mapulogalamu anu ndi madalaivala anu onse ali gone. Batani likalemba pamenepo, kibodi ndi yamoyo, vuto lili mkati mwa Windows wanuyo. Likakana apanso, ndi hadiweya basi, fomatani kakhumi silidzuka.

Ena mumati ndalumikiza kibodi ya USB yagwira, ndiye kuti yamkati yafa. Nthawi zambiri zimakhaladi choncho koma si umboni wokwanira, poti kibodi ya USB imayendera dalaivala wina, yamkati pa malaputopu ambiri imaoneka ngati Standard PS/2 Keyboard. Phindu lenileni la kibodi ya USB lili mbali inayo: nayonso ikakana batani lomwelo, musagule kanthu, pali sofutiweya yomwe ikulimeza kapena wina analisintha ntchito. Za dalaivala mumazikonda kuzinena, koma dalaivala kupha chilembo chimodzi chokha sizichitikachitika. Iye akalakwa imazima kibodi yonse, kapena a Fn aja.

Ndiye zochita, mwachangu. Yesani kaye batanilo mu Notepad, likalemba umo ndiye kuti vuto ndi la pulogalamu imodzi yomwe munalimo, monga mivi ikamasuntha tsamba lonse mu Excel m'malo mochoka pa selo, ameneyo ndi Scroll Lock. J, K, L zikamatulutsa 1, 2, 3 zimitsani Num Lock. Kibodi ikamachita ngati yogontha mpaka mutakanikiza nthawi yaitali onani Filter Keys, imayaka mukagwira Shift wakumanja masekondi 8. Mu Safe Mode, momwe Windows amayaka ndi zofunikira zokhazokha, likagwira, sakani pulogalamu yomwe mwaika posachedwa. Dalaivala mumuone pomaliza, tsegulani Device Manager podina Windows+R nkulemba `devmgmt.msc`, pa Keyboards chitani Uninstall device nkuyambitsanso makina, Windows amubwezeretsa yekha.

Zonsezi zikakanika ndipo pa fulashi paja linakananso, zimitsani makina, pemererani pansi pa batanilo ndi mpweya kuchotsa zinyalala, osalitokosa ndi mpeni chifukwa timapulasitiki togwira batani la laputopu sitichedwa kuthyoka. Akafa angapo pamodzi uzani okonza ayambe ndi kariboni, kakakhala kabwino asinthe kibodi yokhayo, hadi disiki asayikhudze.