Mawu othokoza kumapeto kwa lipoti kapena pempho la thandizo: muziwalemba bwanji?

Alembi ambiri a mabungwe ndi makomiti amafika kumapeto kwa lipoti atatopa. Masamba atha, manambala agwirizana ndi malisiti, ndiye amangoponyapo chiganizo chomwe analemba chaka chatha: "Tikuthokoza kwambiri chifukwa cha thandizo lanu lonse ndipo tikukhulupirira kuti mupitiriza kutithandiza." Mulibe mwano m'chiganizochi. Vuto lake n'lakuti mukhoza kuchitumiza kwa wina aliyense, pa ntchito ina iliyonse, osasintha ngakhale liwu limodzi. Wowerenga malipoti ambirimbiri amachidumpha ngati sanachione.

Musanalembe kanthu, dzifunseni funso limodzi: kodi ndalamazo talandira kale, kapena tikungopempha? Mathokozo a mu lipoti ndi a m'kalata yopempha thandizo ndi osiyana, ndipo zolakwika zambiri zomwe ndimaona zimachokera pa kusakaniza ziwirizi.

Tiyambe ndi lipoti, pomwe ndalama munalandira ndipo mwagwiritsa ntchito. Apa muli ndi chinthu chenicheni chothokozera, choncho chitchuleni. Tiyerekeze kuti komiti yanu inalandira thandizo loti ikonze mijigo 12 m'miyezi isanu ndi umodzi. Mwakonza mijigo 10, ndipo iwiri yatsala chifukwa zipangizo zinachedwa kufika. Komanso mwaphunzitsa anthu 24 kasamalidwe ka mijigo, koma maphunzirowo analipirira ndi bungwe lina. Mawu omaliza angakhale otere:

"Tikuthokoza bungwe lanu chifukwa cha thandizo lomwe latithandiza kukonza mijigo 10 mwa mijigo 12 yomwe tinagwirizana. Tikuthokozanso kuti munatilola kuwonjezera mwezi umodzi zipangizo zitachedwa. Mijigo iwiri yotsalayo tiimaliza pofika tsiku lomwe talemba m'gawo lachinayi la lipotili. Ngati pali funso lililonse, mulumikizane ndi mlembi wathu."

Ziganizo zinayi basi, ndipo zakwana. Taonani kuti nambala ya mijigo ndi 10, osati 12. Pothokoza, mtima umafuna kukometsa zinthu, ndipo mlembi amapezeka walemba kuti "tsopano mijigo yonse ikugwira ntchito" pomwe tsamba lachitatu la lipoti lomwelo likunena kuti iwiri idakali yowonongeka. Wowerenga akaona kusiyana kumeneku amayamba kukayika manambala ena onse, ngakhale olondola. Mukamaliza kulemba, tengani nambala iliyonse yomwe ili m'mawu othokoza n'kuiyerekeza ndi yomwe ili m'kati mwa lipoti.

Taonaninso kuti anthu 24 aja sanatchulidwe. Sikuiwala. Maphunziro awo sanalipiridwe ndi bungwe lomwe tikulilembera, ndiye kulithokoza pa zimenezo kukhoza kuoneka ngati ndalama zawo zinapita ku ntchito yomwe sitinagwirizane, kapena ngati ntchito imodzi tinailipiritsa kawiri. Ngati mukufuna kuwatchula, nenani momveka kuti maphunzirowo anatheka ndi thandizo la bungwe lina. Aliyense athokozedwe pa zomwe anachita.

Chiganizo chachiwiri chija, chothokoza kuti anatilola kuwonjezera mwezi, ine ndimachiona ngati chofunika kuposa zinazo. Ndalama zimachokera ku bungwe, koma amene amawerenga lipoti ndi munthu, ndipo kawirikawiri ndi yemwe uja anayankha makalata anu, anabwera kudzaona ntchito, kapena anakupemphererani kwa mabwana ake kuti nthawi iwonjezedwe. Mukatchula chinthu chimodzi chotere, amadziwa kuti mawuwo alembedwera iye ndi bungwe lake. Koma tchulani zomwe zinachitikadi, ndipo ngati kuwonjezera nthawiko anangokulolani pakamwa, yambani mwapeza chilolezo cholembedwa musanakutchule mu lipoti, kuopa kumuika munthu m'mavuto kuntchito kwake.

Chomwe sichiyenera kulowa m'ndime imeneyi ndi pempho latsopano. Ambiri amalemba kuti "tikuthokoza, komanso tikupempha mutiganizire pa mijigo ina 20 yomwe yatsala m'dera lathu." Zikatero, zikomo uja amangosanduka khomo lolowera pempho. Ngati mijigo inayo ilipodi, ilembeni m'gawo la zomwe zatsala kapena la mavuto omwe mwakumana nawo, ndipo pempho lenileni lipite palokha, pa nthawi yake, motsata njira yomwe bungwelo limalandirira mapempho.

Tsopano kalata yopempha thandizo. Apa simunalandire kalikonse, ndiye chomwe mungathokozere ndi nthawi yomwe atenga kuwerenga ndi kuganizira pempho lanu. Kulemba kuti "tikuthokozeratu chifukwa cha ndalama zomwe mutipatse" n'kuwagamulira mlandu asanaukambe. Kuchonderera nakonso sikuthandiza. Mawu ngati "inu nokha ndinu chiyembekezo chathu" kapena "mukapanda kutithandiza tithera pompa" amauza wowerenga kuti bungwe lanu lilibe pena podalira, pomwe opereka thandizo ambiri amafuna kuona kuti ntchitoyo idzapitirira ndalama zawo zikadzatha. Komiti yathu ija ikanakhala kuti ikupempha kumene, ikanalemba kuti:

"Tikuthokoza chifukwa chopatula nthawi kuwerenga pempho lathu lokonza mijigo 12. Ndife okonzeka kupereka zikalata zina zomwe mungafune, kapena kukuonetsani mijigoyo musanapange chiganizo."

Ngati bungwelo linakuthandizanipo kale, mukhoza kuwonjezera chiganizo chimodzi chotchula chaka ndi ntchito yomwe munagwirira limodzi. Chimodzi chokha, chifukwa mbiri ya ntchito zanu ili ndi malo ake m'kati mwa pempho.

Masiku ano mapempho ambiri amalembedwa pa fomu yokhala ndi mabokosi, ndipo bokosi lililonse limakhala ndi malire a kuchuluka kwa mawu. Pa fomu yotere musadye malo a yankho ndi mathokozo. Ayikeni m'kalata yoperekeza fomuyo ngati kalata yotere ikuloledwa. Ngati siikuloledwa, asiyeni, palibe amene angakuoneni ngati amwano.

Tibwererenso ku lipoti. Tsegulani chikalata cha mgwirizano chomwe munasainirana ndi opereka thandizo. Opereka thandizo ena amalemba momwemo mawu enieni omwe akufuna kuti muzigwiritsa ntchito powatchula, pamodzi ndi nambala ya mgwirizano, ndipo ena amafuna chiganizo chonena kuti maganizo a mu lipotilo ndi anu, si awo. Ngati mawu otere alipo, akopereni ndendende, musawakometse. Palinso ena omwe safuna kutchulidwa dzina pagulu, ndiye ngati lipotilo likawerengedwenso ndi anthu ena, yambani mwafunsa.

Dzina la bungwe lilembeni lonse, monga lilili pa mgwirizanowo. Pamenepa ndi pomwe ngozi yochititsa manyazi kwambiri imabisala: mlembi amatenga lipoti lakale lomwe linapita ku bungwe lina, n'kusintha dzina pa tsamba loyamba, koma m'ndime yomaliza dzina lakale n'kutsalira. Mukalemba pa kompyuta, fufuzani dzina lakalelo m'chikalata chonse musanatumize, ndipo munthu wina yemwe sanalembe nawo awerenge tsamba lomaliza mokweza.

Pansi pa mawu othokoza pabwere dzina, udindo, siginecha ndi tsiku. Asaine ndi munthu yemwe mgwirizano unamutchula kuti ndiye woimira bungwe lanu, kaya ndi wapampando kapena mkulu wa bungwe, ngakhale kuti analemba lipotilo ndi mlembi. Ngati woimirayo anasintha pakati pa ntchito, adziwitseni opereka thandizowo m'kalata yapadera lipoti lisanapite, kuti asadabwe ndi dzina lachilendo pansi pa tsamba.