Mmene ndinachepetsera nkhani yanga yopemphera thandizo la maphunziro kufika mawu 500

Fomu inkafuna mawu osapitirira 500, koma yanga inali ndi 780. Ndinayamba ndi kufufuta mawu apa ndi apo. Nkhani inangoduka msana.

Kenako ndinaisindikiza pa Thyolo Boma, masamba awiri, n'kulemba pambali pa ndime iliyonse ntchito yake m'chiganizo chimodzi. Apa ndi pomwe ndinaona kuti ndime zitatu zinkangobwereza umphawi wathu. Ndinasiya imodzi yokha, ya tsiku limene amayi anabwera kothyola tiyi n'kundipeza atandibweza kusukulu chifukwa cha fizi, popeza ndiyo inkafotokoza chifukwa chake ndikufuna uphunzitsi. Magiredi ndinachotsa, ali kale pa satifiketi.

Anatsala mawu 496. Nditawerengera mchemwali wanga mokweza, anafunsa kuti, "Nanga unabwerera bwanji kusukulu?" Ndinalumikiza pamenepo ndi mawu anayi.